Tebulo la makotesheni mu Excel likamasankha wogulitsa wolakwika: poyambira kufufuza

Mwatolera makotesheni anayi, mwawalowetsa mu Excel, mwagawa mapelesenti a mtengo, a ubwino wa katundu ndi a masiku obweretsera, ndiye tebulo likukuuzani kuti mugule kwa amene wadula kuposa onse komanso wochedwa kuposa onse. Kapena wina wapeza malikisi 108 pa 100. Kapena dzulo wopambana anali wina, lero mwangowonjezera mzere umodzi, dzina lasintha. Zimenezi ndakumana nazo kambirimbiri pa ofesi ina imene ndinkathandiza kagulidwe ka zinthu ku Blantyre, ndipo nthawi zonse chinthu choyamba chimene anthu ankathamangira chinali kusintha mapelesenti mpaka dzina limene mtima ukufuna litabwera pamwamba. Mapelesentiwo musawakhudze kaye. Kawirikawiri vuto silikhala pamenepo, ndipo mukawasintha mumangolikwirira.

Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi kuyambira pano mpaka kumapeto. Ofesi ikufuna malimu 200 a mapepala a A4. Ogulitsa anayi atumiza makotesheni, ndipo ndiwatchula ndi malo amene ali. Mitengoyi ndi yongoyerekeza.

| | A | B | C | D |
|---|---|---|---|---|
| 4 | Wogulitsa | Mtengo | Ubwino | Masiku |
| 5 | Limbe | 2,400,000 | 6 | 2 |
| 6 | Ginnery Corner | 2,700,000 | 9 | 3 |
| 7 | Zomba | 2,500,000 | 8 | 5 |
| 8 | Lilongwe | 3,000,000 | 10 | 10 |

Ubwino tikuchonga pa 10. Makolamu E, F ndi G ndi a malikisi a mtengo, a ubwino ndi a masiku, H ndi wa malikisi onse pamodzi, pamene I ndi wa malo amene aliyense wakhala. Mapelesenti ali pamwamba, pa mzere wachiwiri: E2 muli 50%, F2 muli 30%, G2 muli 20%. Mzere wachitatu ulibe kanthu. Ngati Excel wanu akukana mafomula ali m'munsimu, yesani kuika `;` pamene ine ndaika `,` chifukwa makompyuta ena anatcheredwa choncho.

## Wodula kwambiri ndiye akupambana

Ili ndiye vuto lalikulu ndipo limabwera m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yochulukitsa manambala momwe alili ndi mapelesenti: mtengo kuchulukitsa ndi 50%, ubwino ndi 30%, masiku ndi 20%, kenako n'kuphatikiza. Wa ku Lilongwe amapeza 1,500,005, wa ku Limbe 1,200,002.2. Taonani nambala yoyambayo. Miliyoni ndi theka ndi mtengo wokhawokha, ndipo ka 5 kali kumapetoko ndiko ubwino ndi masiku ataphatikizidwa. Makwacha akuwerengedwa m'mamiliyoni, ubwino sungapose 10, ndiye mungaupatse ubwino 90% koma sudzamveka. Chizindikiro chake n'chosavuta: malikisi onse pamodzi akuoneka ngati ndalama, ndipo ogulitsa asanjidwa monga momwe mitengo yawo yasanjikira.

Njira yachiwiri imanamiza chifukwa imaoneka yadongosolo. Munthu amazindikira kuti zonse ziyenera kukhala pa 100, ndiye amagawa nambala ya wogulitsa aliyense ndi nambala yaikulu ya m'kolamuyo, makolamu onse atatu mofanana. Pa ubwino zimenezi zingayende, chifukwa nambala yaikulu ndiyo yabwino. Koma pa mtengo ndi pa masiku, yabwino ndi yaing'ono. Mukagawa ndi `MAX` paliponse, wa ku Lilongwe amene wadula kwambiri n'kuchedwa kwambiri amatenga 100 katatu.

Mafomula oyenera a mzere wachisanu ndi awa, ndipo muwakokere pansi mpaka mzere wachisanu ndi chitatu:

```
E5: =MIN($B$5:$B$8)/B5*100
F5: =C5/10*100
G5: =MIN($D$5:$D$8)/D5*100
H5: =SUMPRODUCT($E$2:$G$2,E5:G5)/SUM($E$2:$G$2)
I5: =RANK.EQ(H5,$H$5:$H$8,0)
```

Wotchipa kwambiri amatenga 100 pa mtengo, ena onse amatsika malinga ndi momwe adulira. Wa ku Zomba, 2,400,000 kugawa ndi 2,500,000, amapeza 96. Wa ku Ginnery Corner 88.9, wa ku Lilongwe 80. Malikisi onse pamodzi amatuluka motere: Limbe 88, Ginnery Corner 84.8, Zomba 80, Lilongwe 74. Kugawa ndi `SUM` kumapeto kwa H5 ndinakuphunzira nditapsa nako. Tsiku lina wina adzasintha 50% kukhala 60% n'kuiwala kuchotsera kwina, mapelesenti n'kukwana 110, kapena adzalemba 50, 30 ndi 20 popanda chizindikiro cha pelesenti. Ndi kugawa kumeneko malikisi amakhalabe pa 100. Ziro wa kumapeto kwa I5 akutanthauza kuti wa malikisi ambiri ndiye nambala wani. Mukaikapo 1, mndandanda umatembenuka.

Pa ubwino ndimagawa ndi 10, osati ndi `MAX`. Chifukwa chake n'choti ogulitsa onse akabweretsa mapepala oipa, wabwinoko atapeza 5 pa 10, sindifuna kuti tebulo limupatse 100 ngati kuti wachita zakupsa.

## Mafomula ali bwino koma mitengo si yofanana

Apa tebulo likuti Limbe, ndipo palibe fomula yolakwika. Pa ofesi ija tinatsala pang'ono kulemba oda pa nkhani yonga imeneyi. Anatiimitsa anali mayi wina wa ku akaunti, amene sanayang'ane n'komwe pa kompyuta. Anatenga mapepala a makotesheni m'manja n'kumawerenga timalemba ta m'munsi.

"Achimwene, mtengo wa awawa mwaikamo msonkho?"

"Ndalemba momwe alembera, mayi."

"Eya, ndi zimenezo. Taonani apa, alemba kuti VAT sinalowe. Atatu enawa anaikiratu."

Excel sawerenga timalemba timeneto. Iye mukamupatsa 2,400,000 ndi 2,500,000 amangoona kuti yoyambayo ndi yaing'ono. Mlingo wa VAT umasintha boma likafuna, choncho muuike m'selo yakeyake, osaubisa m'kati mwa fomula. M'chitsanzo chino tiyerekeze kuti ndi 16.5%. Mtengo wa ku Limbe umakwera kufika pa K2,796,000, ndipo wotchipa tsopano ndi wa ku Zomba. Malikisi a mtengo amasintha kwa aliyense, osati kwa wa ku Limbe yekha, chifukwa onse akuyezedwa ndi mtengo wotsikitsitsa: Zomba 100, Ginnery Corner 92.6, Limbe 89.4, Lilongwe 83.3. Zonse pamodzi, Ginnery Corner ali pamwamba ndi 86.6, Limbe 82.7, Zomba 82, Lilongwe 75.7. Selo imodzi yasintha wopambana.

Kaya mufananitse mitengo yokhala ndi msonkho kapena yopanda msonkho zikutengera ngati ofesi yanu imabwezeredwa msonkhowo, ndipo a ku akaunti ndiwo angakuuzeni. Chofunika n'choti onse anayi akhale mbali imodzi. Chimodzimodzinso thiransipoti: wina amati mtengo ndi wofikitsa pakhomo, wina amati mudzatenge nokha ku shopu. Nanga muyeso? Limu imodzi ndi mapepala 500, ndipo bokosi limakhala ndi malimu asanu. Wina akalemba mtengo wa bokosi, wina wa limu, tebulo lidzaona ngati woyambayo wadula kasanu. Kusiyana kwa kasanu kumaonekera msanga, palibe amene kumamupusitsa. Koopsa ndi kusiyana kwa mapelesenti khumi kapena makumi awiri, ngati kwa msonkhoku, chifukwa kumafanana ndi kusiyana wamba kwa pakati pa mashopu.

Mankhwala ake ndi kusalemba mtengo wa m'kolamu B ndi manja. Tsegulani tsamba lina m'fayilo yomweyo, wogulitsa aliyense akhale ndi mzere wake, ndipo mulembe padera mtengo wa chinthu chimodzi monga uliri pa kotesheni, malimu angati ali m'chinthu chimenecho, ngati msonkho unalowa kapena ayi, ndi thiransipoti. Kolamu B ingotenga nambala yomaliza kuchokera kumeneko. Zimachedwetsa ndi mphindi khumi, koma a komiti akadzafunsa kuti 2,796,000 yachokera kuti pamene kotesheni ikuti 2,400,000, mudzakhala ndi pouloza.

Kuyambira pano mtengo wa ku Limbe ndi 2,796,000.

## Awiri ali ndi 100 pa mtengo, chonsecho mitengo yawo ndi yosiyana

Mukaona zimenezi, dinani selo yomaliza ya kolamu E n'kuwerenga fomula yake. Mosakayika mupeza `MIN(B8:B11)` m'malo mwa `MIN($B$5:$B$8)`. Munaiwala zizindikiro za dola. Mukakokera fomula pansi, Excel amatsitsa maselo onse amene fomulayo ikutchula, pokhapokha amene mwawakhoma ndi `$`. Ndiye wogulitsa wachiwiri akufananizidwa ndi amene ali pansi pake okha, wachitatu chimodzimodzi, ndipo womaliza akudzifananiza yekha ndi maselo opanda kanthu. Womaliza nthawi zonse amapeza 100.

M'chitsanzo chathu vutoli limabisala bwino, chifukwa wotchipa ali pa mzere wachisanu ndi chiwiri, ndiye mizere itatu yoyamba imatulukabe yolondola. Wa ku Lilongwe yekha ndiye amalandira 100 m'malo mwa 83.3, malikisi ake onse amakwera kufika pa 84, ndipo amachoka pa nambala folo n'kukhala wachiwiri. Palibe uthenga uliwonse wochenjeza.

Mukaiwala kukhoma mapelesenti m'kolamu H zimaonekera kwambiri. Mzere wa wogulitsa woyamba umatuluka bwino. Wa wogulitsa wachiwiri umakawerenga mzere wachitatu wa tsamba umene ulibe kanthu, wa wogulitsa wachitatu umakawerenga mitu ya makolamu, ndipo onse awiri amalemba `#DIV/0!` (kapena ziro ngati simunagawe ndi `SUM`). Womaliza amatenga malikisi a wa ku Limbe ngati ndiwo mapelesenti, n'kutulutsa nambala yopanda mutu.

Pokonza, lowani m'fomula, ikani kasa pa dzina la selo n'kudina `F4`, pa malaputopu ambiri `Fn` ndi `F4` pamodzi. Kuti muone mafomula onse nthawi imodzi pitani pa `Formulas` kenako `Show Formulas`, n'kuyenda ndi maso kuchokera pamwamba kutsika. Mbali ya `$` ikhale yofanana m'mizere yonse, mbali inayo izikwera ndi imodzi imodzi.

Mnzake wa vutoli ndi wogulitsa wachisanu amene wabwera mochedwa n'kulembedwa pa mzere wachisanu ndi chinayi. Mafomula akadali kuyang'ana B5 mpaka B8, ndiye ngati watsopanoyo ndi wotchipa kuposa onse adzapeza malikisi oposa 100, ndipo ena onse sadzatsika monga anayenera. Lowetsani mzere watsopano pakati pa mizere yakale, Excel adzakuza yekha malire a mafomula, kenako mukoperemo mafomula a mzere wapamwamba.

## Malikisi 108, kapena nambala imene si nambala

Palinso chinthu china chimene chimabala malikisi oposa 100, ndipo ichi chimazunguza mutu chifukwa madola onse ali m'malo mwake. Mtengo wa ku Zomba munachita kukopera kuchokera mu imelo kapena mu PDF, ndipo unalowa ngati mawu, osati ngati nambala. Pamaso ukuoneka 2500000 ndithu. Koma `MIN` amadumpha maselo a mawu osanena kanthu, ndiye amatenga 2,700,000 ngati mtengo wotsikitsitsa. Ikafika nthawi yogawa, Excel amakhala wachifundo: amaona kuti mawuwo akufanana ndi nambala, n'kuwasandutsa nambala pa kugawa kokhako. Zotsatira zake ndi 2,700,000 kugawa ndi 2,500,000, malikisi 108. Ndipo si wa ku Zomba yekha amene walakwika. Wa ku Ginnery Corner walandira 100 imene si yake, ena awiri nawonso akwera.

Mukalemba chilembo cha kwacha ndi manja, `K2,500,000`, Excel sangathenso kusandutsa, ndiye mzere umenewo umalemba `#VALUE!`. Kunena zoona kumeneku n'kwabwinoko, chifukwa mwina mwake mwauzidwa. Choipa n'choti ena amakuta fomula ndi `IFERROR` kuti tebulo lioneke laukhondo popita nalo ku komiti, wogulitsayo n'kulandira ziro pa mtengo mwakachetechete.

Mungadziwe bwanji? Nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa selo, mawu amatsamira kumanzere, ngati simunachite kuwaika pakati nokha. Nthawi zambiri pamakhalanso kachizindikiro kobiriwira pa ngodya ya selo. Koma maso amanama, choncho funsani Excel mwiniwake:

```
=COUNT(B5:B8)
=ISNUMBER(B7)
```

Fomula yoyamba iyenera kuyankha 4. Ikayankha 3, selo imodzi ndi mawu, ndipo yachiwiriyo idzakuuzani kuti ndi iti mukaiyesa pa selo iliyonse: `FALSE` ndiye wopalamula. Kusintha mtundu wa selo kuchoka pa `Text` kupita pa `Number` pakokha sikukonza kanthu, ambiri amakodwa pamenepa, chifukwa zimene zinalowa kale zimakhalabe mawu mpaka zitalowetsedwanso. Sankhani kolamuyo, pitani pa `Data`, `Text to Columns`, n'kudina `Finish`. Zikakanika, ndiye kuti muli kampata kosaoneka kamene kamabwera ndi zinthu zokopera pa intaneti. Kameneko `TRIM` sakachotsa. Kachotseni chonchi m'selo ina yapambali:

```
=VALUE(SUBSTITUTE(B7,CHAR(160),""))
```

Pa ogulitsa anayi okha, kunena chilungamo, chachangu ndi kufufuta seloyo, kuiika pa `Number`, n'kulembanso nambalayo ndi manja. Ngati mukufuna kuti K azioneka, musamulembe. Dinani `Ctrl` ndi `1`, sankhani `Custom`, n'kulemba `"K"#,##0`. Selo idzaonetsa K2,500,000 koma m'kati mwake muli nambala yokhayokha.

Yesaninso maselo a mapelesenti ndi `COUNT` yemweyo. `SUMPRODUCT` amawerenga mawu ngati ziro, `SUM` amawadumpha, choncho 30% ikalowa ngati mawu, ubwino wonse umatayika ndipo malikisi amaonekabe abwinobwino, ali pa 100, ngati kuti palibe chachitika.

## Kolamu ya masiku

Kolamu imeneyi ndi yaing'ono koma ndi imene yandivutitsa kuposa zonse, chifukwa ogulitsa salemba nambala imodzi. Amalemba kuti masiku atatu mpaka asanu, kapena sabata imodzi, kapena katundu alipo kale. Mukalemba `3-5` m'selo, Excel amaganiza kuti ndi deti, n'kulemba 3 May kapena 5 March malinga ndi momwe kompyuta inatcheredwera. Deti kwa Excel ndi nambala ya masiku owerengedwa kuyambira chaka cha 1900, ndiye wogulitsa wanuyo walembedwa kuti adzabweretsa katundu pakatha masiku oposa 45,000. Malikisi ake a masiku amakhala pafupifupi ziro, ndipo `COUNT` sadzakuchenjezani, poti deti ndi nambala ndithu. Lembani nambala imodzi, ndipo ine ndimatenga yaikuluyo, 5, chifukwa ndi imene wogulitsa adzadziteteze nayo akachedwa. Gwirizananinso ngati mukuwerenga masiku a ntchito okha kapena onse. Sabata imodzi ndi 5 kwa wina, 7 kwa wina.

Amene wati katundu alipo kale musamulembere ziro. `MIN` adzatenga ziroyo, ogulitsa ena onse adzapeza ziro pa masiku, iye mwini n'kupeza `#DIV/0!`. Mulembereni 1. Amene sanatchule masiku n'komwe, muimbireni foni. Selo yake ikakhala yopanda kanthu, tebulo lizikana kumupatsa malikisi mpaka yankho litabwera:

```
G5: =IF(ISNUMBER(D5),MIN($D$5:$D$8)/D5*100,"FUNSANI")
H5: =IF(COUNT(E5:G5)=3,SUMPRODUCT($E$2:$G$2,E5:G5)/SUM($E$2:$G$2),"SIZINAKWANE")
```

Tsopano pali vuto lina limene si la Excel, ndi la kaganizidwe, ndipo ndi limene ndimafuna kuti anthu alimvetse. Fomula ya `MIN` imayenda bwino pa mtengo chifukwa mitengo imayandikana: wodula kwambiri wapezabe 83. Pa masiku manambala ndi aang'ono, ndiye kusiyana pang'ono kumakula kwambiri. Wa masiku 2 ali ndi 100, wa masiku 3 ali ndi 66.7, wa masiku 5 ali ndi 40. Wa ku Zomba wataya malikisi 12 pa malikisi onse chifukwa chochedwa ndi masiku atatu, pamene wa ku Lilongwe, amene wadula ndi theka la miliyoni, wangotaya 8.3 pa mtengo. Munati masiku ndi 20% ndipo mtengo ndi 50%, koma m'tebulomu masiku ndiwo akulekanitsa anthu kwambiri. Ngati m'sitolo muli mapepala okwanira sabata yonse, kodi amene abweretse Lachiwiri waposadi amene abweretse Lachisanu ndi malikisi ochuluka chonchi?

Zikatero ndi bwino kuyeza masiku ndi tsiku limene katundu akufunika, osati ndi wogulitsa wachangu. Lembani malire anu mu D2, tinene masiku 7. Aliyense wofika m'kati mwa malirewo atenge 100, wochedwa azichotseredwa 10 pa tsiku lililonse:

```
G5: =IF(ISNUMBER(D5),MAX(0,100-MAX(0,D5-$D$2)*10),"FUNSANI")
```

Musachotse `ISNUMBER` pa fomula imeneyi. Popanda iye selo yopanda kanthu imawerengedwa ngati masiku ziro, ndipo wogulitsa amene sananene n'komwe tsiku lobweretsa amalandira 100 yathunthu.

Ndi kachongedwe aka atatu oyamba onse ali ndi 100, wa ku Lilongwe ali ndi 70. Zonse pamodzi: Zomba 94, Ginnery Corner 93.3, Lilongwe 85.7, Limbe 82.7. Wopambana wasinthanso, ndipo ulendo uno palibe chimene chinali cholakwika m'tebulo lakale. Njira ziwirizi zonse ndi zoona, koma zikuyankha mafunso osiyana. Ngati mapepala atheratu ndipo mayeso akulembedwa mkucha, tsiku lililonse lili ndi mtengo wake, gwiritsani ntchito yoyamba. Ngati mukungodzaza sitolo, yachiwiri.

## Ubwino, mwachidule

Nambala za m'kolamu C zimachokera m'mutu mwa munthu, ndiye Excel sangakuuzeni ngati zalakwika. Chimene mungachite ndi kulemba pansi tanthauzo lake musanachonge: pepala ndi la 80 gsm monga munapempha kodi, likudutsa mu pulinta popanda kukodwa, wogulitsayo anakubweretseranipo katundu wosiyana ndi sampulo. Ndipo ikani malire oti wosafika pamenepo atuluke mu mpikisano, mwachitsanzo 6. Kupanda kutero munthu wa mapepala osagwiritsika ntchito akhoza kupambana ndi kutchipa kokha. Wotuluka mumuchotse m'tebulo musanawerengere, chifukwa akatsalamo mtengo wake wotsikawo umakhalabe muyeso wa anzake onse.

## Maselo olondera

M'malo mofufuza zonsezi ulendo uliwonse, ndimaika maselo atatu pambali pa tebulo, ndipo onse ayenera kulemba `TRUE` ndisanasindikize:

```
=COUNT(B5:D8)=3*COUNTA(A5:A8)
=MAX(E5:G8)<=100
=COUNTIF(E5:E8,100)=COUNTIF(B5:B8,MIN(B5:B8))
```

Yoyamba imagwira manambala olowa ngati mawu ndi maselo opanda kanthu. Yachiwiri imagwira malikisi odutsa malire. Yachitatu imaonetsetsa kuti amene ali ndi 100 pa mtengo ndi ochuluka mofanana ndi amene ali ndi mtengo wotsikitsitsa, ndiye imagwira madola oiwalika. Deti lobisala m'kolamu ya masiku zitatuzi sizingaligwire. Limenelo mulitseke pakhomo ndi `Data Validation`: pa D5 mpaka D8 sankhani `Whole number`, pakati pa 1 ndi 365. Ndipo mukasintha nambala koma malikisi osasuntha, onani pa `Formulas`, `Calculation Options`, kuti pali `Automatic`. Fayilo ina imene munatsegula poyamba tsikulo ikhoza kusiya Excel pa `Manual`.

Zonse zikalemba `TRUE`, apo ndiye mungayang'ane mapelesenti, ndipo muwayang'ane kuti mudziwe ngati wopambanayo waima nji, osati kuti mumusankhe. M'chitsanzo chathu Zomba waposa Ginnery Corner ndi 0.7 yokha. Chotsani 5 pa mtengo n'kuwonjezera pa ubwino, zikhale 45, 35 ndi 20: Ginnery Corner amapeza 93.2, Zomba 93. Awiriwa tebulo silikuwalekanitsa kwenikweni, ndipo ndi bwino kuiuza komiti choncho, n'kuika patsogolo pawo funso lenileni: kodi mapepala a 9 pa 10 ndi oyenera kulipirira K200,000 yowonjezera poyerekeza ndi a 8 pa 10? Pa ofesi ija, titakangana kangapo pa nkhani zoterezi, tinayamba kulemba mapelesenti, malire a masiku ndi malire a ubwino m'maminitsi a komiti maenvelopu a makotesheni asanatsegulidwe, kenako mzere wachiwiri n'kuutseka ndi `Protect Sheet` pa `Review`. Kumbukirani kuti maselo onse amakhala okhoma kale mukangoyatsa chitetezocho, choncho yambani mwachotsa chizindikiro pa `Locked` m'maselo a A5 mpaka D8, kuti wolowetsa makotesheni athe kulembamo.